Chitumbuka cha Kuseri kwa Mpanda

Kumunsi kwa Bembeke, m'mudzi wa alimi a kachewere, munalibe munthu woloweza zinthu ngati a Ignasio Zikhalo. Litaniya ya oyera ankaitsogolera buku lili chotseka. Mabuku a m'Baibulo ankawatchula onse mpweya usanawathere, ndipo pamaliro anthu akaiwala ndime yachinayi ya nyimbo ankangotembenukira kwa iwo. Eni akewo sankadzitama. Ankangoti Mulungu anapatsa ena ng'ombe, ena mawu oimbira, iwo anawapatsa mutu womata.

Mutu umenewu ndi umene anaudalira tsiku limene mwana wawo Dalitso anaimba foni. Dalitso ankayendetsa lole yopita ku Beira ndipo pakhomo ankaoneka mwa apo ndi apo. Mkazi wake Tawonga, mtsikana wa ku Hewe ku Rumphi, ankakhala pakhomo pa apongozi akewo pamodzi ndi khanda lake, Kristina.

"Bambo, amayi ake a Tawonga akubwera mwezi wa mawa," anatero Dalitso. "Akuti adzaone mwana. Koma ndisakubisireni. Anena kuti akadzapeza mwana wawo ali wosungulumwa, adzamutenga pamodzi ndi Kristina, akakhale ku Hewe mpaka ine nditamanga nyumba yanga. Ine sindingawakanize. Moyo wanga ndi wa pamsewu."

A Ignasio anayankha kuti amva. Anatseka foni, naiika m'thumba, nayang'ana mtengo wa mapichesi.

Chibadwire Kristina, iwo anali asananenepo kuti amamukonda. Anangodula nthambi imene inkagogoda denga la nyumba yogonamo mwanayo. M'mawa uliwonse ankasiya nkhuni zouma pakhomo la khitchini, zotenthetsera madzi ake osamba, n'kuchokapo msanga ngati wakuba. Tsopano ankaganiza za pakhomo popanda kulira kwa khandalo, ndipo mtima unkawazizira kuposa chisanu cha mu Juni.

"Mayi a Dalitso," anaitana akazi awo, "kodi mpongozi wathuyu ndi wosungulumwa?"

A Filomena anali kusenda nyemba. "Munthu wa chilankhulo chake, ali yekha phiri lonseli. Mukuganiza bwanji? Sadandaula, koma akatha kulankhula pafoni ndi kwawo amakhalitsa kudimba."

"Ndiye ndiphunzira Chitumbuka. Asewere akadzafika adzamve ndi makutu awo kuti pakhomo pano mwana wawo sali kutchire."

"Inu? Mwezi umodzi?"

"Litaniya ija inanditengera masiku angati?"

A Filomena anangoponya khoko la nyemba kwa nkhuku.

Vuto linali limodzi. A Ignasio analeredwa mwakale. Kwa iwo mpongozi anali munthu wolemekezedwa patali. Akakumana ndi Tawonga panjira ya kudimba, iye ankapatukira kumanja n'kugwada, iwo ankapatukira kumanzere n'kuvula chipewa, ndipo moni ankaperekedwa kwa tchire. Kukhala naye pamphasa imodzi, kumamuyang'ana pakamwa kuti aone mmene lilime likupindikira, zimenezo sakanatha ngakhale abambo mfumu akanawalamula.

Anapeza nzeru. Anatenga kalendala yakale ya kuparishi, naitembenuza, nalemba mawu a Chichewa m'mizere yotsika: ziweto pazokha, zipangizo pazokha, zakudya pazokha, za m'nyumba pazokha. Anaisiya pakhonde atatsamiritsapo mwala, pensulo pambali. Madzulo anaipeza itadzazidwa ndi zilembo zing'onozing'ono zaukhondo. Pansi pake Tawonga anawonjezera mawu awiri okha: Zikomo adada.

Anayamba ndi ziweto, ndipo anakondwa kwambiri.

"Nkhuku ndi nkhuku. Mbuzi ndi mbuzi. Ng'ombe ndi ng'ombe. Mayi a Dalitso, anthuwa angotibwereka chilankhulo!"

Koma nkhosa inali mberere, mphaka anali chona, galu anali ntchewe. Khasu linali jembe, nkhwangwa mbavi, mpeni chimayi. A Ignasio sanachite mantha. Anawaika mawuwo pa kayimbidwe ka litaniya. Popita kudimba ankayenda nawo, pothirira kabichi ankathirira nawo. Anthu a mumphakati anayamba kunong'onezana kuti a Zikhalo alowa pemphero latsopano, chifukwa ankawaona milomo ikugwedezeka ngakhale ali pamzere wa kuchigayo. Mayi wina anafika powapempha kuti amuikemo mwana wake wodwala mphumu.

Sabata itatha a Ignasio anauza akazi awo kuti awayese.

"Galu," anatero a Filomena.

A Ignasio anatseka maso. "Nkhuku, mbuzi, ng'ombe, mberere, chona, ntchewe. Ntchewe!"

"Ndafunsa galu yekha, simunafunike kutsekula khola lonse. Mpeni."

"Jembe, mbavi... mbavi. Ayi, dikirani. Chimayi ndi nkhwangwa kapena ndi mpeni?"

"Mukufunsa ine?"

"Zonse ndi zodulira, n'chifukwa chake zikusokonekera. Funsani zakudya."

"Mtedza."

Apa ndiye panavuta. Mawu oyamba pamzerewo anawakumbukira, omaliza anawakumbukiranso, koma apakati anali atasungunuka ngati mchere wa m'ndiwo. Anayambiranso kumutu katatu, ndipo ulendo uliwonse ankagwera m'dzenje lomwelo.

"Bambo a Dalitso," anatero a Filomena mofatsa, "litaniya mumaidziwa chifukwa woyera aliyense amakoka mnzake, ndipo tchalitchi chonse chimayambira pamodzi. Koma asewerewo sadzakufunsani m'ndondomeko. Mlendo amayambira pamene wafuna."

"Zikhazikika," anatero a Ignasio. "Phala lotentha salimwera pakati."

Anawonjezera khama. Anasankha malo ophunzirira kuseri kwa khitchini, kumene dzuwa limayamba kufika chifunga chikamachoka. Kumeneko ankakhala pachitsa m'mawa uliwonse, kusankha mbewu ya kachewere, kalendala ili pabondo. Choipa cha malowo chinali chakuti kuseri kwa mpanda wa udzu ndi kumene Tawonga ankasambitsira mwana, nayenso potsata dzuwa lomwelo. Ndipo Tawonga, amene pamaso pa apongozi ankalankhula ngati akuwerenga mawu ake, akakhala ndi khanda lake pakamwa sipankatsekeka.

Kristina ankayamba ndi kulira akamavulidwa. Ndiye pankamveka mawu oimbaimba: "Chetama, chetama, mwana wane." Kulira kunkachepa. Ketulo inkathiridwa m'beseni, nthunzi n'kudutsa m'mipata ya udzu. "Zanga kuno ugeze, maji ghathukira." Kenako phava phava, madzi. Akatha kusamba kulira kunkabweranso, kwaukali tsopano. "Njala yakukora, njala yakukora." Kenako zii, kungomveka kameza ka mwana woyamwa. Pomaliza penipeni, motsitsa: "Wavuka, tiye ukagone." Ndiye mapazi ankapita kunyumba.

A Ignasio zimenezi zinkawasokoneza. "Ngoma, ntchunga, skawa," ankatero iwo pamzere wa zakudya, ndipo kuseri kunkayankha, "Chetama, chetama." Anadandaula kwa akazi awo kuti munthu sangaphunzire Chitumbuka paphokoso lotere.

"Sunthani malo," anatero a Filomena.

Sanasunthe. Anati dzuwa la kwina n'lozizira.

Tsiku lofika alendo linakwana. A Ignasio anavala jekete ya pa Pasaka, napesa imvi zawo, nayenda uku ndi uku pabwalo akubwereza mizere yawo. Dzuwa litapendeka njinga yamoto inaima pamtengo wa mapichesi, ndipo panatsika mayi wamfupi, wowuma thupi, wa maso akuthwa, atadzikulunga zitenje ziwiri ndi juzi. Amenewa ndiwo anali a Nyaluhanga, amayi ake a Tawonga. Anali atakhala m'mabasi kuyambira dzulo lake. Chichewa ankachimva pang'ono, cha pawailesi, koma pakamwa pawo sichinkatuluka.

Tawonga anawathamangira. A Filomena analandira chikwama ndi kamtolo ka usipa wouma, mphatso ya pakhomo, nakaika pakhonde. Kenako onse anatembenukira kwa mwini mudzi.

A Ignasio anavula chipewa. "Monire!"

Mawu a moni amenewa anali oyamba pakalendala yonse, ndipo anatuluka bwino kwambiri. Mwina anatuluka bwino mopitirira, chifukwa nkhope ya a Nyaluhanga inawala, ndipo anatsekula mtsinje. Analankhula za ulendo, za basi, za ndani akudziwa, manja akuthandizira, mawu akutsatana osasiya mpata woti munthu n'kulowetsapo chala. A Ignasio anatchera khutu ngati mlenje. Mawu awo onse aja, oposa zana, analipo penapake mumtsinjemo, koma anali atavala mitu ndi michira, atagwirana manja ndi anzawo osawadziwa. Mwadzidzidzi anagwira amodzi: nthowa. Njira! Anawadziwa! Ndipo pakamwa pawo, posadikira eni ake, panapitiriza mzere.

"Nthowa, mulyango, mpando, mphasa."

A Nyaluhanga anaima. Anayang'ana chitseko, nayang'ana mpando, nayang'ana mphasa. Anasankha mphasa, nakhala pansi.

"Mwaona?" ananong'ona a Ignasio kwa akazi awo. "Zikuyenda."

Zinayenda mpaka pamene galu wa pakhomo loyandikana anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Akazi onse atatu anali ataweramira Kristina, amene anali atangodzuka. A Ignasio okha ndiwo anaona galuyo akununkhiza kamtolo ka usipa pakhonde. Akanangokuwa m'Chichewa zikanatha. Koma munthu wavala jekete ya pa Pasaka, mlendo ali pomwepo, mwayi ndi umenewu.

"Nkhuku!" anakuwa, akuloza. "Mbuzi! Ng'ombe!"

A Nyaluhanga anadzidzimuka, nafungatira mwana, nayang'ana uku ndi uku kufuna ng'ombeyo.

"Mberere! Chona!"

"Bambo a Dalitso, mwatani?"

"Ntchewe!"

Pamene ankafika pa galu, galuyo anali atafika kale kumunda wa nyemba, kamtolo kali kukamwa.

Usipa umenewo unachokera kutali, unakwera mabasi atatu pamiyendo ya mayi wokalamba. A Filomena anapepesa m'Chichewa, Tawonga anapepesa m'Chitumbuka, a Ignasio anafufuza m'mutu mwawo mawu opepesera napeza kuti pakalendala panalibe mzere wa zimenezo. Anakhala pampando, chipewa chili pamaondo.

Mphepo ya madzulo inayamba kutsika m'phiri. A Nyaluhanga ananjenjemera. Anagwira manja a mwana wawo, nawatembenuza, naona mmene chisanu ndi madzi a kudimba zinawang'ambira. Anafunsa kanthu motsitsa, Tawonga anayankha akuyang'ana pansi. Anayang'ana chifunga chikukwawira m'minda, nyumba zachilendo, mwamuna wa jekete wotchula ziweto. Kutopa kwa ulendo wonse kunawagwera nthawi imodzi. Anaphimba nkhope ndi chitenje, nayamba kulira.

A Ignasio anaona kuti Kristina akupita. Anamuona ali kumbuyo kwa mayi ake, akukwera njinga yamoto, kachipewa kake kofiira kakuchepa kumsewu. Sanaganize za kalendala. Sanaganize chilichonse. Panali munthu wolira, ndipo kulira kunali ndi mawu ake amene ankabwera pambuyo pake m'mawa uliwonse. Anangomva pakamwa pawo patseguka, mawu n'kutuluka mwa kayimbidwe kake komweko, kokwera ndi kotsika, kopyapyala ngati ka mtsikana.

"Chetama, chetama, mwana wane."

Chitenje chinatsika pang'ono. Diso limodzi linasuzumira.

Koma mawu aja anali ndi anzawo, ndipo anabwera onse, osalala, opanda popunthwa.

"Njala yakukora. Wavuka, tiye ukagone. Zanga kuno ugeze, maji ghathukira."

Tonthola mwana wanga, njala yakupweteka, watopa, tiye ukagone, bwera kuno usambe, madzi atentha. Zonsezi mkulu wa mphakati, wa imvi zake, kuuza asewere ake, anthu onse akumva.

Tawonga anaimirira mwaulemu, nayenda mwaulemu mpaka pakona ya khitchini, ndipo atangokhota kunamveka phokoso ngati la munthu wotsamwa ndi mtedza. A Filomena analuma mpango wawo. A Nyaluhanga anayang'anitsitsa a Ignasio, misozi ikadali pamasaya, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anagona chammbali pamphasa. Anaseka mpaka Kristina anayamba kulira, ndipo agogo akewo, pomutonthoza, anati "Chetama, chetama," n'kuyambiranso kuseka.

A Ignasio anapempha Mulungu mumtima kuti ngati n'kotheka nthaka itseguke pang'ono, malo okwana munthu mmodzi ndi mpando.

Tawonga anabwerako maso ali ofiira, nagwada patali. Amayi ake anamufunsa kanthu, iye nayankha, kenako anatembenukira kwa a Filomena, chifukwa kwa apongozi aamuna sakanalankhula mwachindunji.

"Amama akufunsa kuti adada anawaphunzitsa ndani. Ndawauza kuti si ine. Ine ndinangolemba papepala nkhuku ndi mbuzi."

"Auze kuti anawaphunzitsa mpanda," anatero a Filomena. "M'mawa uliwonse ukamasambitsa mwana, iwo ali kuseri kwake. Amati akusankha mbewu. Mbewu imeneyo yasankhidwa kanayi."

Tawonga anamasulira. A Nyaluhanga analeka kuseka. Anayang'ana a Ignasio nthawi yaitali, kenako analankhula pang'onopang'ono.

"Akuti mawu amenewo ndi awo," anatero Tawonga. "Ndi mmene ankandisambitsira ine. Akuti sankadziwa kuti anafika ku Dedza iwo asanafike."

Za kutenga mwana kapena kumusiya sananene kanthu. Anamwa tiyi, anasamba madzi otenthadi, nakagona.

M'mawa mwake a Ignasio anapita kuchitsa chawo ndi mtima wolemera. Kalendala anali nayo koma sanaitsekule. Ankadzifunsa kuti zinatheka bwanji. Mawu amene anawatuluka thukuta mwezi wathunthu anawathawa, ndipo amene ankawatcha phokoso anabwera okha. Anatenga kachewere mmodzi nam'tembenuzatembenuza. Mawu a papepala aja aliyense ankadziwa mnzake mmodzi yekha, wa pamwamba pake. Ukafuna wachisanu ndi chimodzi umayenera kugogoda makomo asanu. Koma a kuseri kwa mpanda anabwera ndi katundu wawo yense: kulira kwa mwana, nthunzi ya madzi, kayimbidwe, ndi chimene chinkachitika pambuyo pake. Palibe anawauza kuti kugeza ndi kusamba. Madzi ndiwo anawauza, tsiku ndi tsiku. Nyemba ya m'munda mwa chimanga imakwera chifukwa yapeza phesi. Zawo zija anazifesa pabwalo.

Ali m'maganizo choncho anamva "Odi!" Anali a Nyaluhanga, atafunda bulangeti, akubwera ndi kampando kawo. Kwa asewere kulibe zopatukirana panjira. Ndi anthu oti akhoza kunyozana bwinobwino popanda mlandu, ndipo mayiwa anaoneka kuti mwayi umenewu sadzautaya.

"Monire, mwana wane," anatero.

A Ignasio anavomera chilango.

Mayiwo anatenga kalendala, naiyang'ana kutsogolo kumene kunali chithunzi cha Banja Loyera, naipsompsona, naiika pambali mwaulemu. Kenako anatola mpeni umene a Ignasio ankachotsera zowola, naubisa kumbuyo.

A Ignasio anatambasula dzanja. "Jembe, mbavi..."

"Yayi." Mayiwo anapukusa mutu. "Nipaniko chimayi."

"Chimayi."

"Yayi! Nipaniko chimayi."

"Nipaniko chimayi."

Mpeni unabwera m'dzanja lawo. Asanaugwiritse ntchito unalandidwanso. Anaupempha kachiwiri, kachitatu. Kenako mayiwo anawalanda chipewa, ndipo a Ignasio, mutu uli pamphepo, anazindikira kuti mawu oyamba aja, akuti ndipatseniko, ndi chitseko chimene chimatsekukira chilichonse. Anapempha chipewa nachilandira. Anapempha madzi, mtsikana wa kuseri kwa mpanda n'kuwabweretsa akudziletsa kuseka. Pofika masana anali atapempha dengu, mpando, mchere ndi kachewere wawo yemwe, ndipo mpeni ndi nkhwangwa sizinasokonekerenso, chifukwa mpeni anali ataupempha ndi dzanja lotambasula, pamene nkhwangwa inawagwera pachala ndipo a Nyaluhanga ananena za iyo mawu ena amene anakhazikika pomwepo.

Masiku anapita motero. Sikuti a Ignasio anasanduka Mtumbuka. Mtsinje uja ukatsekulidwa ankamirabe. Zimene aphunzira m'mawa zina zinkathawa pofika madzulo, ndipo zinkabwerera pokhapokha atazifunanso pa ntchito yake. Tsiku lina a Nyaluhanga anadzitayira tiyi pachitenje, ndipo a Ignasio, poona nsalu yonyowa, anayamba kunena mawu ena a kuseri kwa mpanda, amene Tawonga ankanena akapeza thewera lanyowa. A Filomena anawatseka pakamwa ndi mbatata yootcha mawuwo ali pakati.

Koma nkhani yeniyeni inali isanakambidwe, ndipo tsiku lobwerera linkayandikira. A Ignasio anaona Tawonga akuchapa zovala zonse za mwana tsiku limodzi, ngati wokonzekera ulendo. Anapita kwa akazi awo.

"Mukandifunsire kwa mpongozi. Sindikufuna mawu. Ndikufuna chonena chathunthu. Ndikufuna kunena kuti musapite naye mdzukulu wathu."

A Filomena anapita, nabwera nacho pakamwa, nachitaya theka panjira, nabwereranso. Ulendo wachitatu Tawonga anabwera yekha. Anagwada kuseri kwa mpanda, a Ignasio ali mbali inayo, osaonana, ndipo ananena pang'onopang'ono, iwo akubwereza, mpaka chonenacho chinakhazikika.

"Adada," anatero pomaliza, m'Chichewa, "nkhuni zija ndimaziona."

A Ignasio anakhosomola, nati kunja kukuoneka ngati kugwa chisanu.

Anasankha Lamulungu, atabwera ku Misa. Onse anali pabwalo, Kristina ali pamiyendo pa a Nyaluhanga akukoka kolona ya agogo akewo. A Ignasio sanavale jekete. Anachoka pampando nakhala pansi, pamphepete pa mphasa, nawomba m'manja mofatsa.

"Asebele," anatero, ndiko kuti asewere. "Mungalutanga nayo yayi muzukulu withu."

Anali atakonza zimenezo zokha. Koma mwanayo anawayang'ana n'kumwetulira ndi nkhama zake, ndipo iwo anapeza kuti chitseko chija chikadali m'manja mwawo.

"Nipaniko Kristina," anawonjezera.

A Nyaluhanga anawayang'ana, nayang'ana mwana wawo. Anamufunsa funso lalifupi. Tawonga sanayang'ane pansi ulendo uno. Anayankha mawu ochepa, momveka. Mayiwo anapuma mozama, nanyamula Kristina, namuika m'manja mwa a Ignasio.

"Mwana wakhalenge kuno."

"Yewo, yewo chomene," anatero a Ignasio, ndipo anali atathokoza kale pamene anazindikira kuti palibe amene wawamasulira. Mwana akhala kuno. Anamva ngati mmene munthu amamvera belu la tchalitchi, osayamba wafunsa kuti likuti chiyani. Anaweramitsa mutu pa kachipewa ka mwanayo, milomo ikugwedezeka, ndipo ulendo uno linalidi pemphero.

A Nyaluhanga anali asanathe. Anatsekula mtsinje wawo, wautali, chala chikuloza phiri, chikuloza nyumba, chikuloza a Ignasio. Iwo anagwedeza mutu mosangalala pa chilichonse. "Enya, enya," ankatero, kuvomera.

"Bambo a Dalitso, mukudziwa chimene mukuvomera?" anafunsa a Filomena.

"Zina ndi zina."

Tawonga anamasulira akuyang'ana kumbali. "Akuti iwonso sapita msanga. Akhala mpaka chisanu chithe, aone ngati mwana angapirire. Akuti chipinda chimene akugona chimalowa mphepo, ndiye adada avomera kuwapatsa chawo, chifukwa ndi chimene chili kumbali ya dzuwa. Avomeranso kuti m'mawa uliwonse aziwaperekeza ku Misa panjinga."

"Ku Bembeke? Chitunda chonse chija?"

"Mwati enya kawiri," anatero a Filomena.

A Ignasio anayang'ana asewere awo, mayi wamfupi wowuma thupi, namuyeza ndi maso ngati thumba la mbewu. Kristina anali atawagwira chala. Anaganiza za chitunda, naganiza za maondo awo.

"Mayi a Dalitso," anatero, "mundifunsire kwa mpongozi. Kodi amati chiyani munthu akafuna kunena kuti tsikani pang'ono, tikankhe?"